Dzina la malambe kapena lanulanu, lebulo ya pepala kapena sitika

Amene amapanga mafuta odzola ndi sopo pakhomo amakonda kutcha malonda awo dzina la chimene chili m'botolomo. Ngati ndi mafuta a malambe, dzina limakhala la malambe. Ngati ndi chamwamba, chimodzimodzi. Ubwino wake ngwoonekeratu: wogula akangowerenga wadziwa kale, inu simuvutika kufotokoza. Koma ine njira imeneyi sindigwirizana nayo. Mlambe si wa munthu. Mawa mnzanu wa ku Mangochi kapena ku Salima, kumene milambe ili mbwee, adzalemba mawu omwewo pa botolo lake, ndipo simudzamuletsa, chifukwa malamulo a zizindikiro za malonda salola munthu kudzitengera yekha mawu amene akungofotokoza katunduyo. Vuto lina limabwera tsiku limene mwayamba kupanga sopo wa nimu: dzina la malambe lija lasanduka bodza.

Njira inayo ndi kukhala ndi dzina lanulanu, lalifupi, losanena za zosakaniza, kenaka pansi pake n'kulemba ndi zilembo zazing'ono kuti "mafuta a malambe, 50 ml". Poyamba limakhala lachilendo, ndipo miyezi yoyambirira mumachita kulilengeza. Koma limeneli mutha kulilembetsa kukhala chizindikiro chanu, m'gulu 3 la katundu, limene muli sopo ndi zodzoladzola, ndipo likwana pa sopo, pa mafuta a m'milomo ndi pa china chilichonse chimene mudzawonjezere. Musasokoneze zinthu ziwiri apa: kulembetsa dzina la bizinesi n'kwina, kulembetsa chizindikiro cha malonda n'kwinanso, ndipo choyambacho pachokha sichikupatsani chitetezo chimene chachiwiricho chimapereka. Musanasindikize kalikonse, litchuleni dzinalo pafoni kwa munthu amene sanalimvepo, mumuuze alilembe. Akalakwitsa, ogula nawonso sadzakupezani akamakusakani pa Facebook. Mayina olonjeza kuchiritsa ziphuphu kapena zikanga apeweni, chifukwa akulowetsani m'malamulo a mankhwala, amene ndi okhwima kuposa a zodzola.

Dzina likapezeka, nkhani imatsala pa chimene mudzalilembepo, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Pepala lakhaki lokhuthala, lodindidwa ndi chidindo, ndi lotchipa ndipo limaoneka lachilengedwe ndithu. Pa sopo palibe cholipambana. Sopo wopanga pamanja amafunika kuuma milungu 4 mpaka 6, ndipo ngakhale atauma amafunabe mpweya. Kalamba ka pepala kozungulira pakati kamasiya mbali ziwiri poyera, wogula amanunkhiza, amaona mtundu. Kungoti musamumange sopoyo asanaume, chifukwa amanyala pamene madzi akutuluka, kalamba kaja n'kumavuka kokha.

Pepala lomwelo likaikidwa pa botolo la mafuta limakuchititsani manyazi. Dontho limodzi likatsetsereka kuchokera pakamwa pa botolo, pepala limamwa, pamatuluka banga lodera losachoka, ndipo inki ya makina osindikizira a kunyumba imasungunuka ikangokumana ndi manja onyowa kubafa. Botolo la mafuta limafuna sitika yapulasitiki yokutidwa pamwamba. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo osindikiza ambiri safuna kukusindikizirani zochepa, koma dzina lanu limakhala likuwerengekabe mpaka mafuta atatha, nthawi imene munthu akufuna nambala yanu kuti agule ena. Pemphani sitika imodzi yoyesera, muimate, muipake mafuta anu omwewo, muisiye usiku wonse, m'mawa muitikite ndi chala chonyowa. Ngati m'mphepete mwayamba kutukuka, guluu wake sakugwirizana ndi mafutawo, musalipire.

Muyeso nawo umapusitsa. Tinene kuti botolo lanu ndi lotambalala masentimita 4 kupingasa. Chulukitsani ndi 3.14, mupeza kuti kuzungulira kwake ndi masentimita pafupifupi 12.6. Sitika ikhale ya masentimita 11.5, kuti patsale kampata koonera pamene mafuta afika. Koma munthu akayang'ana botolo pashelefu amaona bwino masentimita osafika 4 a kutsogolo okha, ndiye dzina likwane pamenepo lonse. Zosakaniza, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya foni zipite m'mbali. Gulani mabotolo kaye musanajambulitse lebulo, popeza wogulitsa akasintha mtundu wa botolo masitika onse aja amasanduka zinyalala.

Botolo loonekera mkati limaonetsa kukongola kwa mafuta, koma kuwala kumafulumizitsa kuvunda kwake, fungo n'kusintha. Labulawuni limateteza, ndipo pa ilo sitika yoyera ya zilembo zakuda imawerengeka patali kuposa ya mitundu yambirimbiri. Ine ndingasankhe labulawuni, zilembo za dzina n'kukhala zofanana ndendende pa sitika ya mafuta ndi pa chidindo cha sopo, kuti wogula azindikire kuti zonsezi zachokera m'manja amodzi.