Sitekingi ya ATOM patapita miyezi: phindu limachokera m'thumba la ndani?

"Achimwene, za sitekingi zija mudakali nazo? Akuti 15 peresenti pachaka munthu uli gone. Ndilowe?"

Ndidakali nazo, koma mumve kaye mmene zayendera musanatumize ndalama kwa mkulu uja wa ku Area 3 wogulitsa ATOM, ndalama ya kiripito ya pa netiweki ya Cosmos.

Zoyenda bwino n'zochepa kuzinena. Waleti ya pafoni sinandivutepo, mphotho imaoneka ikukwera tsiku lililonse, ndipo kuitenga kumadya kandalama kochepa kwambiri.

Nkhani ili pa komwe mphothoyo imachokera. Kubanki mkhonde chiwongoladzanja timachidziwa mwini wake: ndi mayi amene anakongola n'kukagulitsa tomato ku Tsoka. Pa Cosmos palibe amene wakongola ndalama zanu. Sitekingi ndi iyi: inu mumamangirira ATOM zanu kwa valideta, amene kompyuta yake imatsimikizira zolipira za anthu, ndipo netiweki imapanga ATOM zatsopano n'kugawira omangirirawo. Zolipira za ogwiritsa ntchito zimaonjezerapo, koma n'zochepa. Gawo lalikulu ndi ndalama zongosindikiza kumene, ndipo kuyambira Novembala 2023 malire ake ndi 10 peresenti pachaka, kuchoka pa 20.

Tiwerengere ndi manambala osavuta. Tinene kuti ATOM zonse padziko zilipo 100, ndipo 60 ndi zomangirira. Pachaka pabadwa 10 zatsopano. Khumizo zikagawidwa kwa eni a 60 aja, aliyense amaona ngati wapeza pafupifupi 17 peresenti. Valideta akachotsa komishoni yake, yomwe siitsika pa 5 peresenti ya mphothoyo, komanso thumba la gulu likatapako, mumatsala cha pa 15. Ndiyo nambala imene mkulu uja amakuonetsani pafoni. Chimene sanena n'chakuti ATOM zonse tsopano zakhala 110. Zanu zakwera ndi 15, za dziko lonse zakwera ndi 10, ndiye gawo lanu lenileni lakula ndi pafupifupi 5 peresenti basi. Ndipo kagawo kameneko kachoka kwa anthu amene sanamangirire, chifukwa awo gawo lawo lachepa. Anthu omangirira akachuluka, mphotho ya aliyense imatsika.

Komanso mphotho imabwera mu ATOM, osati m'madola kapena m'makwacha. Ine ndinagula 20 mu Malichi 2024, imodzi ili cha pa madola 12, zonse madola 240. Pofika Seputembala zinali zabereka imodzi ndi theka, koma mtengo unali utagwa pansi pa madola 5. Ndinali ndi ATOM zambiri kuposa poyamba, zokwana madola pafupifupi 100. Ndalama yomweyi mu 2021 inapitirira madola 40, nde musamve zoti yafika pansi sigwanso.

Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi masiku 21. Mukadina `Unstake`, ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Zimakhala zokhomedwa milungu itatu, sizibala kanthu, simungagulitse, simungatumize. Ine zinandipeza fizi ya mwana itayandikira, mtengo ukutsika ine ndikungoyang'ana pafoni, mpaka fiziyo ndinakakongola kwa alamu anu. Lamuloli lili ndi chifukwa chake: valideta akasaina mabuloko awiri otsutsana, kutanthauza mindandanda iwiri ya zolipira yosagwirizana, netiweki imadula 5 peresenti ya ndalama zomangirira kwa iye, zanu zomwe, ndipo masiku 21 aja alipo kuti wolakwa asathawe chilango chisanafike. Mphotho ija ndi malipiro a chiopsezo chimenechi ndi kukhomedwako.

Mkulu wogulitsa uja anandisankhira yekha valideta, amvekere ndi wodalirika. Patapita miyezi ndinaona mphotho ikukwera mochedwa, n'kupeza kuti komishoni yafika 10 peresenti popanda wondiuza. Muziyang'ana nokha mzere wa `Commission`, ndiponso malire amene valideta analemba kuti akhoza kukwezera. Apa pokha ndinasangalala: `Redelegate` imasamutsa ndalama kupita kwa valideta wina nthawi yomweyo, osadikira milungu itatu. Nditamufunsa mkuluyo, anangoti msika ndi msika.

Masiku ena ndimati bola, popeza kwacha nayo inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene akusunga ATOM kale angachite bwino kuzimangirira kusiyana n'kuzisiya zikusungunuka. Masiku ena ndimawerenga madola 140 amene ndinaluza aja n'kupsa mtima. Kokadandaula kulibe, a Reserve Bank ananena kale mu 2019 kuti kiripito si ndalama yovomerezeka kuno.

Ngati mulowe, ikani ndalama imene simuifuna chaka chino, valideta musankhe nokha, ndipo mawu achinsinsi a waleti asawaone munthu. Mkulu uja mumufunse mitengo iwiri tsiku lomwelo, wogulitsira ndi wogulira. Kwa ine kusiyana kwakeko kunadya mphotho ya miyezi ingapo, ndipo kwa iyeyo sindigulanso.