Foni, Kompyuta Kapena Intaneti: Kokonzera Vidiyo Laputopu Ikakhala Yofooka

Laputopu zambiri zimene anthu amayambira nazo ntchito ya vidiyo n'zogwiritsidwapo kale: pulosesa ya Core i3 kapena Celeron, RAM ya 4 GB, ndi hadi disiki yozungulira ija. Ukaikapo vidiyo yojambulidwa pa foni, chithunzi chimayenda modukizadukiza, mawu ali patsogolo, fani ikulira. Apa m'pamene munthu amayamba kufunsa ngati kuli bwino kukonzera pa foni pomwepo, kulimbana nayo laputopuyo, kapena kuthawira ku mapulogalamu a pa intaneti. Yankho langa limadalira kutalika kwa vidiyoyo ndi kuchuluka kwa zidutswa zofunika kulumikiza, osati dzina la pulogalamu.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenge ntchito imodzi yodziwika bwino. Kwaya ya kutchalitchi yajambulitsa nyimbo ya mphindi 5 ku situdiyo, ndipo tsopano ikufuna vidiyo. Mwajambula ndi mafoni awiri m'malo atatu, zonse pamodzi zakwana mphindi 20 pa 1080p. Mafoni ambiri a Android amajambula 1080p pa mlingo wa pafupifupi 17 Mbps, kutanthauza kuti mphindi imodzi imadya pafupifupi 130 MB. Ndiye kuti muli ndi mafayilo okwana pafupifupi 2.5 GB. Sungani nambala imeneyi chifukwa ndi imene iweruze nkhani yonseyi.

Tiyambe ndi za pa intaneti, popeza n'zimene zimakopa kwambiri munthu wa kompyuta yofooka. Maganizo ake amakhala akuti ntchito yolemetsayo ichitikira pa makina a eni pulogalamuwo, yanga ingoonetsa. Pa mapulogalamu monga Kapwing, VEED ndi Canva zimenezi n'zoona pang'ono, koma kuti makina awo agwire ntchito, mafayilo anu ayambe afika kumeneko. Ngati netiweki yanu ikukweza zinthu pa liwiro la 2 Mbps, mafayilo a kwaya aja atenga pafupifupi maola atatu, ndipo bandulo ya 2.5 GB yapita musanadule n'kachidutswa komwe. Netiweki ikaduka pakati, fayilo imene inali m'njira nthawi zambiri imayambiranso. Mukamaliza muyenera kutsitsanso vidiyoyo, kenako n'kuikwezanso pa YouTube kapena Facebook. Komanso Kapwing ndi VEED amaika chidindo chawo pa vidiyo ngati simunalipire, ndipo kulipira kwake n'kwa ndalama zakunja kudzera pa khadi.

Clipchamp, imene Microsoft inagula mu 2021 ndipo imabwera ndi Windows 11, ndi yosiyana, ndipo ambiri sadziwa. Ngakhale imatsegukira mu burawuza, vidiyo imaikonzera pa kompyuta yanu yomweyo. Ubwino wake ndi wakuti simutaya bandulo pokweza mafayilo, ndipo imatulutsa 1080p yaulere yopanda chidindo. Koma ndiye kuti katundu yense wabwerera pa pulosesa yanu yofooka ija, ndipo tsopano Edge kapena Chrome nayenso akufuna gawo lake pa RAM yochepayo. Pa kompyuta ya 4 GB, Windows yokha imakhala itatenga kale theka kapena kuposa. Choncho ku ntchito ya kwayayi njira ya pa intaneti ndikuichotsa. Imathandiza pa kavidiyo ka masekondi 30 kolengeza malonda, ka zithunzi ndi mawu olemba, kapena kwa munthu amene ali ndi waifai yopanda malire ku ofesi kapena kusukulu.

Foni ndiyo imadabwitsa. Foni ya mtengo wapakati imatha kuseweretsa bwinobwino vidiyo imene ikulemera laputopu, ndipo chifukwa chake si chakuti foniyo ndi yamphamvu pa zonse ayi. M'kati mwake muli kachipangizo kapadera kongomasulira ndi kupanga vidiyo za mtundu wa H.264 ndi HEVC, ndipo mapulogalamu monga CapCut, VN, InShot ndi KineMaster amakagwiritsa ntchito mokwanira. Pomwe pa laputopu, mapulosesa a Intel anayamba kumasulira HEVC mokwanira mwa njira imeneyi pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa 2015. Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo ndipo foni inajambula HEVC, pulosesa imachita kuwerengera chithunzi chilichonse payokha, n'chifukwa chake imabanika. Onjezani kuti foni ili ndi batire lake, magetsi akazima ntchito siima, komanso mafayilo ali momwemo kale.

Pa vidiyo ya mphindi imodzi kapena ziwiri, ya TikTok, ya pa sitetasi, kapena uthenga wachidule wa munthu mmodzi akulankhula, musavutike n'kuyatsa laputopu. Foni ipambana kutali.

Vuto limayamba ntchito ikakula. Pa vidiyo ya kwaya, milomo ya oimba iyenera kugwirizana ndendende ndi nyimbo ya ku situdiyo. Pa vidiyo ya zithunzi 30 pa sekondi, kuphonya ndi zithunzi zitatu zokha, anthu aona kuti china chake chalakwika. Kukankha kachidutswa ndi chala pa sikirini ya foni mpaka kafike pamalo enieni kumatheka, koma mukakhala ndi zidutswa 40 zochokera m'malo atatu, chala chimatsetsereka, kachidutswa kena kamasuntha inu osaona. Malo nawonso amathera m'njira: foni ya 64 GB yodzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp ikalandira mafayilo a foni yachiwiri ija, imatha kukana kutulutsa vidiyo mutagwira kale ntchito yonse. Ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Ndipo yang'anitsitsani musanakongoletse: KineMaster yaulere imaika chidindo, pomwe mu CapCut zokongoletsa zambiri zili ndi chizindikiro cha Pro, ndipo mukazigwiritsa ntchito, pofika potulutsa vidiyo imakuuzani kuti mulipire kapena muzichotse.

Tsopano laputopu ija. Chinthu choyamba, DaVinci Resolve isiyeni kaye. Ndi yabwino ndipo ili ndi mtundu waulere, koma eni ake amanena kuti pa Windows imafuna RAM ya 16 GB ndi khadi la zithunzi lamphamvu. Zimandipweteka kuona wachinyamata atathera bandulo yonse kuitsitsa chifukwa aliyense akuitama, kenako n'kuganiza kuti ntchito ya vidiyo si yake pamene vuto linali pulogalamu yosayenera makina ake. Zoyenera kuyesa ndi Shotcut kapena Kdenlive, zonse zaulere, zopanda chidindo, zosafuna intaneti mukangoziika. Nawonso a Shotcut sabisa mawu: amati 4 GB ndi ya vidiyo zazing'ono za SD, 8 GB ndiyo ya HD. Ndiye kuti laputopu yathu ili pansi pa mlingo, ndipo chimene chimaipulumutsa ndi pulokisi.

Pulokisi ndi kope laling'ono, lopepuka, la fayilo iliyonse. Mumadula ndi kulumikiza mukuona makope opepukawo, koma potulutsa vidiyo yomaliza pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni aja, kotero vidiyo imatuluka yowala ngati mmene munajambulira. Zili ngati telala amene amayamba wadula pepala asanakhudze nsalu yeniyeniyo. Mu Shotcut, musanaike fayilo iliyonse, pitani ku Settings > Preview Scaling musankhe 360p, kenako Settings > Proxy > Use Proxy. Mukakokera mafayilo m'pulogalamu, kumbali ya Jobs muona ikupanga makopewo limodzilimodzi. Pa laputopu yofooka zimenezi zimatenga nthawi, choncho ikani pa chaja, tsekani burawuza, muisiye imalize. Musayambe kudula isanathe, chifukwa pamenepo m'pamene imauma.

Mafayilo a m'mafoni aja muwasamutse ndi chingwe cha USB. Mukatumizirana pa WhatsApp monga vidiyo wamba, imawafinya, ndipo kuwala kumene kwatayikako sikubwereranso.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka ntchito ngati ya kwayayi. Mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika. Kuwala kukachepa kapena foni ikatentha, chiwerengero cha zithunzi pa sekondi chimasinthasintha. Chizindikiro chake n'chosavuta: kumayambiriro kwa chidutswa milomo ikugwirizana ndi nyimbo, koma pofika kumapeto yatsalira kapena yatsogola. Mukaona zimenezi musalimbane n'kukankhakankha. Sankhani fayiloyo, tsegulani Properties, mugwiritse ntchito Convert kuti Shotcut ipange fayilo ya liwiro lokhazikika. Nthawi zambiri imakufunsani yokha mukangoika fayilo yotero. Fayilo yatsopanoyo imakhala yaikulu, choncho onani kaye malo pa disiki. Pulogalamu ina yotchedwa HandBrake imachitanso zomwezo mukasankha Constant Framerate.

Kulumikiza kwake kumayenda chonchi. Nyimbo ya ku situdiyo muiike pa mzere wa mawu kuyambira poyambirira penipeni, ndipo musaisunthenso. Popeza pojambula nyimboyo inkalira pa sipika, fayilo iliyonse ya foni ili ndi mawu ake a nyimbo yomweyo. Kulitsani Timeline, pamene pali mizereyo, mpaka muone mafunde a mawu, pezani kugunda koyamba kwa ng'oma pa mizere yonse iwiri, mufananitse nsonga zake. Zikagwirizana, zimitsani mawu a foniwo. Chitani chimodzimodzi ndi malo ena awiriwo, aliwonse pa mzere wake, kenako muzingodula mzere wapamwamba pamene mukufuna kuti wapansi uoneke. Apa m'pamene mbewa ndi kiyibodi zimaposa chala: batani la S limadula pamene mwaima, ndipo mivi ya kumanzere ndi kumanja imakusunthani chithunzi chimodzichimodzi. Zosintha mitundu muziike pomaliza, chifukwa chilichonse chimawonjezera katundu. Muzisindikiza Ctrl+S pafupipafupi, makamaka ngati batire la laputopu linafa kale.

Potulutsa, YouTube imalangiza 8 Mbps pa 1080p ya zithunzi 30 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi 5 ikhala pafupifupi 300 MB, ndipo imeneyi ndi bandulo yokhayo imene muwononge pokweza, poyerekeza ndi 2.5 GB ija. Kutulutsako kutenga nthawi yotalika kangapo kuposa nyimboyo, koma sikufuna kuti mukhale pomwepo. Yesani kuchonga Use hardware encoder pa Export. Mapulosesa ambiri a Intel kuyambira 2011 ali ndi Quick Sync, imene imafulumizitsa kupanga H.264. Ikakana, chotsani chongacho mubwerere ku njira wamba.

Ngati laputopu ikuvutabe ngakhale ndi pulokisi, ifunseni chimene chikuipweteka musanagule kalikonse. Sindikizani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance, muyang'ane pamene vidiyo ikusewera. Memory ikakhala yodzaza, onjezani RAM ifike 8 GB, ngati laputopuyo ili ndi malo oonjezera, popeza zina zotchipa RAM yake ndi yowotcherera. Disk ikamangokhala pa 100%, hadi disiki ndiyo ikuchedwetsa, ndipo disiki yosazungulira ya SSD isintha zinthu kwambiri. Koma ngati CPU yokha, imene ndi pulosesa, ndiyo ili pa 100%, monga zimakhalira pa Celeron ya mitima iwiri, palibe chogula chimene chingathandize kwenikweni. Pamenepo kwayayo ijambulidwe pa 720p, kapena ntchitoyo ipite pa foni, muidule ndime imodziimodzi ya nyimbo, n'kudzalumikiza ndimezo pamapeto.