Kudula, kupaka kapena kuphimba: mawu omatirira pansi pa vidiyo

Musanadule kanthu, tsegulani vidiyoyo mu pulogalamu yowonerera ya VLC muyang'ane pa Subtitle. Mawuwo akazimitsika ndiye kuti ndi oyikidwa padera, ndipo `-c copy -sn` mu ffmpeg, pulogalamu yosinthira vidiyo, iwachotsa popanda kuwononga chithunzi. Akakana kuzima, anawotcheredwa m'chithunzi momwemo, zomwe zinali kuseri kwake zinapita kale.

Ambiri ojambula maukwati kuno ku Mangochi amathamangira kudula. Titenge vidiyo ya 1920 ndi 1080 yomwe mizere iwiri ya mawu yatenga mapikiseli 180 a pansi:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "crop=1920:900:0:0" -c:a copy wodula.mp4
```

Gawo limodzi mwa magawo 6 lapita pomwepo. Mwini kamera amayika nkhope cha m'mwamba, choncho pansi mpomwe pamakhala manja ndi mapazi. Pa perekaniperekani ndalama zikugwera mu lichero siziwoneka. Ovina beni amatsala mapewa okhaokha, mapondedwe awo osawoneka. Msodzi amalozera usipa pa thandala koma usipawo mulibe.

Chomwe chimandiwawa ndi kudula kwachiwiri, kobisika. Chithunzi cha 1920 ndi 900 sichidzaza sikirini ya 16:9, pamatsala mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Munthu amadina batani lodzazira sikirini pa foni, osadziwa kuti kutalika kwa 900 kumafuna mulifupi wa 1600. Apa mapikiseli 160 achoka kumanzere, enanso 160 kumanja. Mwa mapikiseli 2,073,600 patsala 1,440,000, kutanthauza kuti pafupifupi magawo 31 pa 100 atayika, nankungwi amene anayima m'mphepete watuluka nawo. Chotsalacho chimakulitsidwa kuti chibwerere pa 1080, tsitsi ndi maluwa a chitenje nkufewa. Ena amachikoka m'malo modula m'mbali, nkhope zimatalika ngati papaya. Batani limeneli sindilikhululukira.

Kupaka ndi `delogo` ya mu ffmpeg kumasunga kukula kwa chithunzi, koma kumadzaza malowo ndi mitundu yotengedwa m'mphepete mwake. Pa kachizindikiro ka pakona kumatheka. Pa bwalo lalitali la mawu kumasiya mikwingwirima yoyenda, makamaka anthu akamavina.

Kuphimba ndi mzere wakuda wa `drawbox` kumabisa mapazi omwewo, koma m'mbali simuchoka kanthu, palibenso kukulitsa, ndipo mzerewo mutha kulembapo Chichewa kapena Chiyao. Ngati mukumasuliranso, ine ndisankha iyi.

Kudula kumapambana pamalo amodzi. Kanema wotambalala wa 2.39:1 amakhala kale ndi mizere yakuda ya mapikiseli pafupifupi 138, ndipo mawu akakhala mmenemo mumadula mdima wokha. Yang'anani pomwe pali mizere iwiri ya mawu, chifukwa wapamwamba umakonda kulowa m'chithunzi.

Njira zitatu zonsezi zimapanganso vidiyo mwatsopano, ndiye yambirani pa fayilo yoyambirira, osati yomwe yadutsa kale pa WhatsApp. Ngati wojambulayo anasunga yopanda mawu pa hadi diraivi, mutumizireni fulashi.