Kalata Yoitanira Anthu ku Intavyu: Mmene Chitsanzo Chimodzi Chagwirira Ntchito Patatha Miyezi Yambiri

Chitsanzo cha kalata chimene ofesi yathu imagwiritsa ntchito poitana anthu ku intavyu chili ndi zigawo zinayi zokha, zomwe ndi nthawi, malo, zikalata zoyenera kubweretsa, ndi njira yotsimikizira kuti munthu abwera. Ndakhala ndikuchigwiritsa ntchito kwa miyezi yambiri poitana anthu ofuna ntchito zosiyanasiyana, ndipo ndaona kuti zigawo zinayizi sizilemera mofanana. Chigawo cha malo chinakhazikika msanga ndipo sichinavutenso. Cha nthawi ndi cha zikalata zinafunika kukonzedwa apa ndi apo. Koma chigawo chotsimikizira kubwera, chimene poyamba chinali mzere umodzi wakumapeto, ndicho chasonyeza kuti chimalamulira tsiku lonse la intavyu.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nditenga ntchito imodzi ngati chitsanzo. Pakufunika kalaliki wa zowerengera ndalama, anthu asanu ndi mmodzi asankhidwa, ndipo ena awiri asungidwa pambali kuti adzalowe m'malo mwa amene angalephere. Aliyense apatsidwa mphindi 30 zokambirana ndi gulu loyesa, kenako papita mphindi 10 zoti oyesawo alembe mamalikisi asanalowetse wina. Ndiye kuti nthawi zake ndi 9:00, 9:40, 10:20, 11:00, 11:40 ndi 12:20. Makalata atumizidwa Lachiwiri pa 5 Malichi 2024, ndipo intavyu ichitika Lachinayi pa 14 Malichi. M'kalata ya munthu wachitatu mumalembedwa motere:

"Tikukuitanani ku intavyu ya ntchito ya kalaliki wa zowerengera ndalama Lachinayi, pa 14 Malichi 2024. Mufike polandirira alendo nthawi ya 10:05 m'mawa kuti zikalata zanu zionedwe. Intavyu idzayamba 10:20 m'mawa ndipo idzatenga mphindi 30. Mutsimikize kubwera kwanu poyankha imelo ino pasanafike 12 koloko masana Lolemba, pa 11 Malichi. Ngati tsikuli silingatheke, mutiuze pa nthawi yomweyo kuti tione ngati pali mpata wina. Tikapanda kumva kuchokera kwa inu, tidzakuimbirani foni kamodzi Lolemba masana, ndipo tikalephera kukupezani pofika Lachiwiri 12 koloko masana, malo anu adzapatsidwa kwa wina."

Pa nkhani ya nthawi, chimene chathandiza kwambiri ndi kulemba nthawi ziwiri, yofika ndi yoyambira. Kalata ikangonena nthawi imodzi, ena amaitenga ngati yofikira pageti, ena ngati yolowera m'chipinda, ndipo amene wafika pageti 10:20 amataya mphindi zingapo polemba dzina m'buku la alendo ndi kuonetsa zikalata, zomwe zimadya mphindi 10 za oyesa ndi kukankhira onse otsatira m'mbuyo. Kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti kwathandizanso, chifukwa chimodzi chimayang'anira chinzake: wolemba akakopera kalata yakale n'kusintha deti koma kuiwala tsiku, wolandira amaona kuti ziwirizi sizikugwirizana ndipo amafunsa. Mwezi nawo umalembedwa ndi mawu nthawi zonse, popeza 04/05 ena amaiwerenga kuti 4 Meyi pamene ena, makamaka ozolowera kalembedwe ka ku America, amaiwerenga kuti 5 Epulo.

Pali anthu amene amakonda kuitana onse nthawi imodzi, monga 8 koloko m'mawa, kuti oyesa asasowe woti amuone. Njira imeneyi imateteza oyesa koma imalanga oitanidwa, chifukwa womaliza amadikira maola oposa anayi, ndipo amene ali kale pa ntchito ina, omwe kawirikawiri ndi amene tikuwafuna kwambiri, sangathe kupempha tsiku lonse. Kupatsa aliyense nthawi yake ndi kwabwino, komabe kumabweretsa vuto lake: munthu mmodzi akapanda kubwera, oyesa amakhala manja lende kwa mphindi 40. Apa ndi pamene chigawo chotsimikizira chimayamba kulemera.

Chiganizo chakale chinali chakuti, "Chonde mutsimikize kubwera kwanu." Chinali chaulemu, koma sichinanene kwa ndani, kudzera njira iti, pofika liti, ndi chimene chidzachitike munthu akakhala chete. Zotsatira zake zinali kuonekera m'njira zitatu. Ena anali kuimbira foni polandirira alendo n'kusiya uthenga umene sunali kufika kwa wokonza ndandanda. Ena anali kuyankha usiku woti mawa ndi intavyu, pamene kuitana munthu wosungidwa pambali sikungathekenso. Ena sanali kuyankha n'komwe koma anali kubwera ndithu, poganiza kuti kufika kwawoko ndiko yankho. Chizindikiro chakuti chigawochi chalembedwa molakwika n'chosavuta kuchiona: tsiku la intavyu likamayandikira, wokonza amapezeka akuimbira aliyense foni kufunsa chimene kalata inayenera kuchibweretsa yokha.

Chiganizo chatsopanocho chimatchula njira imodzi yokha, ndipo ndaona kuti imodziyo ndi yokwanira. Kupereka imelo, foni ndi uthenga wa pafoni zonse pamodzi kumaoneka ngati kuchitira anthu chifundo, koma mayankho amamwazikana ndipo palibe malo amodzi amene wokonza angayang'ane n'kudziwa mmene zinthu zilili. Kuyankha imelo yomweyo kuli ndi ubwino wina woti yankho limabwera litanyamula kalata yoyambayo pansi pake, choncho pakabuka kusamvana pa za nthawi, umboni uli pomwepo. Chofunika n'chakuti kalata ichokere ku adiresi imene munthu weniweni amaiwerenga, osati ija yongotumiza yosalandira mayankho.

Tsiku lomaliza kuyankha siliyenera kusankhidwa mwachisawawa, koma liwerengedwe chobwerera kuchokera pa tsiku la intavyu. Munthu wosungidwa pambali amafunika masiku osachepera awiri kuti apemphe chilolezo kuntchito, akonze ulendo ndi kusonkhanitsa zikalata. Ngati intavyu ili Lachinayi, ndiye kuti iye ayenera kuuzidwa pofika Lachiwiri masana, zomwe zikutanthauza kuti oyamba aja ayenera kuyankha pofika Lolemba masana kuti patsale tsiku limodzi lowasakira amene akhala chete. M'chitsanzo chathu, tiyerekeze kuti pofika Lolemba 12 koloko anayi atsimikiza, wa 9:40 wapempha kusintha nthawi chifukwa ulendo wake ndi wautali, ndipo wa 11:40 sanayankhe. Akaimbiridwa foni Lolemba masana osapezeka, ndipo Lachiwiri masana n'kukwana ali chete, nthawi yake ya 11:40 imapatsidwa kwa amene anapempha kusintha uja, ndipo 9:40 imapita kwa woyamba mwa osungidwa pambali. Ndandanda imakhala yodzaza popanda kusuntha munthu aliyense amene anatsimikiza kale.

Foni imodzi ija sindingalangize kuti ichotsedwe, ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Kukhala chete si kukana nthawi zonse, chifukwa imelo yochokera ku adiresi yachilendo nthawi zina imagwera m'bokosi la mauthenga okayikitsa, ndipo ofuna ntchito ena amalemba adiresi yawo molakwika pa kalata yofunsira ntchito. Kumulanda munthu mwayi chifukwa cha kalata imene sanaione si chilungamo, komanso ndi kutaya munthu amene gulu linamuona kuti ndi woyenera. Mbali inanso imene inawonjezedwa pambuyo pake ndi yankho lalifupi lochokera kwa ife, lonena kuti uthenga wawo talandira ndipo likubwereza tsiku ndi nthawi. Popanda limeneli, anthu osamala kwambiri amatumiza uthenga kawiri kapena kuimba foni kufunsa ngati wafika.

Za malo ndinena mwachidule. Dzina la bungwe ndi msewu sizikwanira pamene nyumbayo ili ndi zipata zingapo kapena pamene bungwe lili ndi maofesi angapo, choncho kalata imatchula nyumba, chipata cholowera, nsanjika, ndi udindo wa munthu woti amufunse polandirira alendo. Pali mzere umodzi wopempha amene akufunika thandizo lapadera, monga woyenda pa njinga ya olumala kapena wofuna womasulira chinenero chamanja, kuti anene potsimikiza kubwera kwake, chifukwa chipinda chingasinthidwe Lolemba koma osati Lachinayi m'mawa.

Pa zikalata, mawu akuti "mubweretse zikalata zonse zofunika" anachotsedwa, chifukwa wina anali kubwera ndi envelopu yodzaza ndi mapepala onse a moyo wake pamene wina anali kubwera ndi chiphaso chokha. Tsopano kalata imatchula chilichonse ndi dzina lake: chiphaso chokhala ndi chithunzi, masatifiketi enieni a maphunziro amene munthu anawatchula pofunsira ntchito, fotokope imodzi ya chilichonse, ndi mayina a anthu awiri ochitira umboni pamodzi ndi manambala awo. Imanenanso kuti zikalata zenizeni zidzangoyerekezedwa ndi mafotokope n'kubwezedwa nthawi yomweyo, ndiponso kuti amene satifiketi yake sinatuluke abweretse kalata ya zotsatira za mayeso. Kuyerekeza kumeneku ndiko ntchito ya mphindi 15 zija za pakati pa kufika ndi kulowa. Tinawonjezanso chiganizo chakuti palibe ndalama iliyonse imene munthu ayenera kulipira, popeza akuba ambiri amanamizira kuitana anthu ku intavyu, ndipo oitanidwa ena amazengereza kuyankha kalata yoona chifukwa choikayikira.

Chitsanzochi chili ndi zofooka zake. Chifukwa cha zowonjezera zonsezi kalata yatalika, ndipo anthu ambiri amaiwerengera pa foni pamene mizere yochepa yokha ndiyo imaoneka koyamba. Mankhwala ake akhala kuika tsiku, nthawi ndi tsiku lomaliza kuyankha m'ndime yoyamba, kusiya zikalata ndi njira m'munsi, ndi kulemba zonse m'kati mwa imelo m'malo mozibisa m'fayilo yomatidwa imene ena saitsegula. Chofooka china n'chakuti chitsanzo chimakopedwa, ndipo chokopedwa chimanyamula zakale: dzina la munthu wina, nthawi ya wina, kapena chipinda cha intavyu yapita. Chimene chachepetsa vutoli ndi kusunga chitsanzo chopanda dzina, deti kapena nthawi, ndi kutumizira aliyense kalata yakeyake, zomwe zimatetezanso kuti ofuna ntchito asaone mayina ndi maadiresi a anzawo.

Pa intavyu ya pa intaneti chitsanzochi sichikwanira mmene chilili. Chigawo cha malo chimasanduka ulalo wolowera pa msonkhano ndi nambala yoimba ngati netiweki yavuta, zikalata zimatumizidwa pasadakhale, ndipo nthawi iyenera kutchula dera limene ikuwerengedwera, makamaka m'mwezi wa Malichi pamene mayiko ena amasuntha mawotchi awo pa masiku osiyana: mu 2024 madera ambiri a United States anasuntha pa 10 Malichi pamene mayiko ambiri a ku Ulaya anasuntha pa 31 Malichi. Chifukwa cha zimenezi tinalemba chitsanzo chachiwiri cha intavyu zoterezi, ndipo chigawo chotsimikizira kubwera ndicho chokha chimene tinachisamutsa popanda kusintha mawu.