Funso lotseguka kapena la zosankha?

Wogula nsomba ku Senga Bay akalandira uthenga wa mayi wamalonda wakuti “Bweretsani chambo cha 10”, mutu umaima. Kodi ndi nsomba 10, kapena cha K10,000?

Ena amayankha kuti, “Mukutanthauza chiyani, amayi?” Funsoli n'laulemu ndithu, koma limasenzetsa mayiwo ntchito yolemba zambiri ali pakati pa malonda. Yankho limachedwa, boti lafika kale, chambo ena atola.

Ine ndimakonda kufunsa chonchi: “Amayi, 1 ndi nsomba khumi, 2 ndi cha K10,000. Iti?” Amangodina nambala imodzi basi.

Vuto lake lilipo. Ngati ankanena milu 10, angasankhe 1 mwaulemu chabe, osafuna kukutsutsani. N'chifukwa chake ndimawonjezera “3, zina”. Koma zosankha zikapitirira zitatu, munthu atha kungowerenga zoyambazo.