Ndemanga yanga pa seva ya DNS ya 1.1.1.1 nditaigwiritsa ntchito miyezi itatu

Ndili ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu a pa intaneti pa boma la Dedza. Kashopuka kali ndi makompyuta atatu omwe amalandira intaneti kuchokera ku rauta ya simukhadi, ndipo kwa miyezi itatu tsopano onse atatu akugwiritsa ntchito seva ya DNS ya kampani ya Cloudflare, yomwe adiresi yake ndi `1.1.1.1`. Seva ya DNS ndi kompyuta ya pa intaneti yomwe imamasulira dzina la tsamba kukhala nambala yomwe makompyuta amalumikizirana nayo. Ntchito ya Cloudflare imeneyi ndi yaulere ndipo kampaniyo idaiyamba mu 2018. Ndakhutira nayo, komabe ndikufuna kufotokoza bwino vuto lomwe idandithetsera, chifukwa ndi vuto limodzi lokha, ndipo anthu ambiri amaiyembekezera kuchita zomwe singathe.

Tsiku lomwe ndidaiyamba lidali la m'mwezi wa Juni, kukuzizira monga kumachitira kuno. Aphunzitsi ena adachokera ku Linthipe kudzatumiza fomu yomwe tsiku lake lomaliza lidali lomwelo. Titalemba dzina la tsambalo, sikirini idaonetsa mawu akuti `This site can't be reached`, ndipo m'munsi mwake mudali `ERR_NAME_NOT_RESOLVED`. Nyali za rauta zidali kuyaka bwinobwino, bandulo idalipo yokwanira, ndipo chodabwitsa kwambiri chidali chakuti tsamba la imelo lomwe ndidatsegula m'mawa lidali kugwirabe ntchito. Aphunzitsiwo adakhala pabenchi atagwira envulopu ya masatifiketi ndi manja awiri, nkundifunsa kuti, "Achimwene, kodi ndiye kuti atseka kale?" Tsambalo lidali lisadatsekedwe, popeza titayesa pa foni yanga, yomwe ili ndi simukhadi ya kampani ina, lidatseguka nthawi yomweyo.

Tanthauzo la uthenga umenewu ndi lakuti kompyuta yalephera kupeza nambala ya tsambalo. Makompyuta salumikizana pogwiritsa ntchito mayina omwe ife timalemba, koma manambala otchedwa adiresi ya IP, choncho musanaone chilichonse pa sikirini, kompyuta imayamba yafunsa seva ya DNS kuti dzina lakutilakuti nambala yake ndi iti. Nthawi zambiri funsolo limapita ku rauta, ndipo rauta imalipititsa ku seva ya kampani yomwe mumagulako intaneti. Sevayo ikapanda kuyankha, kompyuta imaima pomwepo ngakhale kuti njira yopita ku tsambalo ndi yotseguka ndipo tsambalo lili bwino. Imelo ija idali kugwirabe ntchito chifukwa kompyuta idali italumikizana kale ndi tsambalo, komanso imasunga kwa kanthawi mayankho omwe idalandira, pomwe dzina la tsamba la fomu lidali lachilendo ndipo lidafunika kufunsidwa kumene.

Chomwe ndimalimbikitsa aliyense ndi kuyeza asanasinthe kanthu, ndipo kuyezako sikutenga mphindi ziwiri. Ndidatsegula `cmd` pa Windows ndi kulemba malamulo atatu awa, pomwe pali `example.com` ndikuikapo dzina la tsamba lenileni:

```
ping 1.1.1.1
nslookup example.com
nslookup example.com 1.1.1.1
```

Lamulo loyamba lidabweza mizere inayi yoyamba ndi `Reply from 1.1.1.1`, kusonyeza kuti intaneti ilipo ndipo uthenga wotumizidwa ku nambala ukufika. Lachiwiri, lomwe limafunsa seva yanthawi zonse kudzera pa rauta, lidadikira nkubweza `DNS request timed out`. Lachitatu, lomwe limafunsa funso lomwelo koma kwa seva ya Cloudflare mwachindunji, lidabweza nambala ya tsambalo mosazengereza. Mayankho atatuwa atayalidwa pamodzi adatsimikiza kuti chomwe chidali kudwala ndi seva yomasulira mayina yokha basi.

Kusintha kwake nkosavuta. Ndidalemba `ncpa.cpl` m'bokosi la `Run`, ndidadina batani lakumanja la mbewa pa netiweki yomwe ndidalumikizako ndi kusankha `Properties`, kenako `Internet Protocol Version 4 (TCP/IPv4)`. Mmenemo ndidasankha `Use the following DNS server addresses`, ndipo pa `Preferred DNS server` ndidalemba `1.1.1.1`, pa `Alternate DNS server` ndidalemba `1.0.0.1`. Gawo lam'mwamba, lomwe limakhudza adiresi ya kompyuta yeniyeniyo, musalikhudze, chifukwa mukalisokoneza intaneti yonse iduka. Pomaliza ndidalemba `ipconfig /flushdns` kuti kompyuta iiwale mayankho akale, ndidatseka Chrome ndi kuitsegulanso, ndipo fomu ija idatseguka. Aphunzitsiwo adatumiza zonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Kuyambira tsiku limenelo uthenga uja sudabwerenso chifukwa cha kusayankha kwa seva, ndipo pa ichi chokha ndikuiyamikira ntchitoyi ndi mtima wonse. Koma liwiro la intaneti silidasinthe m'njira yomwe ndingaione. Seva ya DNS imagwira ntchito poyambirira pokha, popereka nambala, ndipo zithunzi ndi mafayilo zimadutsabe pa netiweki yomweyo ya masiku onse, kotero madzulo anthu akachuluka kutsitsa fayilo kumachedwa monga kale. Bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa, lamulo loyamba lija silibweza yankho labwino, ndipo pamenepo kusintha manambala a DNS nkungotaya nthawi.

Malire ena ndidawaona patapita milungu ingapo, pomwe mayi wina adabwera ndi dzina la tsamba lolembedwa pakapepala. Chrome idaonetsa `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`, ndipo nditafunsa `1.1.1.1` kenako `8.8.8.8`, yomwe ndi seva ya Google, onse awiri adayankha kuti `Non-existent domain`. Yankho limeneli likusiyana kotheratu ndi loyamba lija. Pa vuto la aphunzitsi seva idakhala chete, pomwe apa maseva awiri osiyana adayankha momveka kuti dzinalo kulibe, zomwe zimachitika ngati dzina lalembedwa molakwika kapena ngati eni ake sadalipire kuti likhalebe lawo. Titayang'anitsitsa kapepalako tidapeza kuti amene adawalembera adasiya chilembo chimodzi. Ngati dzinalo likadakhala lotha nthawi, palibe seva yomwe ikadalibwezeretsa, ndipo chotsala chikadakhala kuwauza eni tsambalo.

Pali kanthu kenanso kofunika kukadziwa kwa omwe amatsegula tsamba la rauta yawo polemba dzina. Dzina lotere limadziwika ndi rauta yokha, choncho kompyuta ikasiya kufunsa rauta, dzinalo limasiya kugwira ntchito, ndipo muyenera kulemba nambala yake, yomwe pa rauta yanga ndi `192.168.8.1`. Dziwaninso kuti seva yomwe mwasankha imaona mayina a masamba onse omwe mukufunsa, kotero posintha mukusankha amene mukumukhulupirira pa nkhani imeneyi.

Pa foni ya Android, kuyambira mtundu wa 9, zomwezi zimachitika pa `Private DNS`, pomwe simulemba nambala koma dzina lakuti `one.one.one.one`. Ine pa foni ndidabwezera pa `Automatic`, chifukwa pa Wi-Fi ya m'malo ogona alendo, yomwe imayamba yakuonetsani tsamba lolembapo nambala yachinsinsi, kusankha seva yanuyanu kumatha kulepheretsa kulumikizana. Pa makompyuta a mushopu, omwe sachoka pamalo pake, ndasiya `1.1.1.1`, ndipo malamulo atatu aja ndidawalemba papepala lomwe ndidamata pambali pa sikirini kuti mnyamata wondithandiza aziyamba wayeza ndikachokapo.