Masensa a m'matayala kapena njira ya ABS: zomwe ndinaona nditasinthanitsa matayala ku Ulongwe

Kuyambira pamene ndinataya tayala pa msewu wa ku Tete, anzanga a pamsika wa mbatatesi akhala akundifunsa za kanyale kachikasu ka pa dashibodi kochenjeza za mpweya wa m'matayala, kooneka ngati mphika wokhala ndi chizindikiro chofuula pakati. Pakhomo pathu pali magalimoto awiri. Pikapu yanga ili ndi sensa m'tayala lililonse, pomwe Polo ya mayi a kunyumba ilibe sensa ngakhale imodzi m'tayala. Onse awiri amayatsa kanyale komweko, koma nzeru zake n'zosiyana kutalitali.

Mu pikapu, sensa imakhala mkati mwa limu, yolumikizana ndi valavu. Imayeza mpweya weniweni, n'kutumiza nambala ku galimoto ngati wailesi. Polo siyeza mpweya konse. Imangowerenga liwiro la gudumu lililonse kudzera mu masensa a ABS, njira yoletsa magudumu kumangika pogwira mabuleki. Tayala likaphwa limachepa pang'ono, ndiye limazungulira mofulumira kuposa anzake, ndipo galimoto imazindikira pamenepo.

Pa kuyeza, masensa apambana, palibe mkangano. Amakupatsani nambala ya tayala lililonse, ndipo onse anayi akaphwa limodzi amaonabe, zomwe njira ya ABS, makamaka yakale, imachedwa kuzindikira.

Vuto langa linayamba tsiku losinthanitsa matayala. Ndinapita pa mnyamata wina wokonza matayala m'mbali mwa msewu. Anagwira ntchito moyenera pa galimoto yokoka ndi kumbuyo: akumbuyo anapita kutsogolo mbali yomweyo, akutsogolo anapita kumbuyo mopingasa. Anapopanso molingana ndi kapepala ka pa chitseko changa, 2.2 bar kutsogolo, 2.6 bar kumbuyo ikakhala ndi katundu. Chimene tonse awiri sitinachiganize n'chakuti sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake yoizindikirira, ndipo galimoto inaloweza kuti nambala yakuti imakhala kumbuyo kumanzere. Sensa ija inasamuka ndi tayala lake, koma galimoto palibe anaiuza.

Chizindikiro chinalipo, ine ndi amene sindinachiwerenge. Sikirini inayamba kuonetsa 2.6 kutsogolo ndi 2.2 kumbuyo, manambala atatembenuka. Ndinangoti mnyamata uja walakwitsa pang'ono, ndikonza mawa.

Patapita masiku atatu ndinanyamuka m'mamawa ndi matumba a mbatatesi kupita ku Tete. Ndisanafike pa mphambano ya Musakama kanyale kanayaka, sikirini ikuti kumbuyo kumanzere kwatsika kufika 1.9. Ndinaima, n'kupeza munthu wa pampu yopanda geji, n'kuwonjezera mpweya kumbuyo kumanzere. Nditayenda pang'ono nambala sinasinthe. Ndinawonjezeranso. Itafika 1.7 ndinagamula kuti sensa yafa, ndinapitiriza ulendo. Msomali unali kutsogolo kumanzere, m'tayala lomwe linachoka kumbuyo lija. Potsetsereka kulowera ku Moatize, dzuwa likuwotcha phula, chiwongolero chinayamba kukokera kumanzere. Pamene ndimaima, tayala linali lotentha losagwirika, m'mbali mwake mutatupa ngati chithupsa. Titalichotsa pa limu, mkati munali ufa wakuda wa labala, wodzaza manja awiri. Tayala lotero silimatidwa. Linali lisanathe chaka. Lakumbuyo lomwe ndinkapopa lija linapezeka ndi 3.3 bar.

Sizinathere pomwepo. Amene anachotsa tayalalo analowetsa chitsulo pafupi ndi valavu, sensa n'kuthyoka. "Abwana, kapulasitiki aka kanali kale kophwanyika," anatero akundipatsa zidutswa m'manja. Sensa yoyamba yomwe ndinaitanitsa inakana kulankhula ndi galimoto. Masensa ena amatumiza pa 315 MHz, monga a magalimoto ambiri opangidwira ku Amereka ndi ku Japani, ena pa 433 MHz, monga a ku Ulaya. Kuno magalimoto amachokera mbali zonse, ndiye kuoneka mofanana si umboni. Ndinagula kawiri, n'kulipiranso wa makina kuti alembetse sensa yatsopano. Ndipo mtengo wina ukubwerabe: batire la sensa ndi lomatiridwa mkati, limatha pakati pa zaka 5 ndi 10, likatha mumagula sensa yonse.

Kuphunzitsanso galimoto ya masensa kumatengera mtundu wake, ndipo buku la galimoto ndi limene limanena. Ena amadziphunzira okha mukayenda mphindi 10 mpaka 20 pa liwiro lopitirira 30 km pa ola. Ena mumawatsegulira njira yophunzira ataima, n'kuzungulira tayala ndi tayala ndi kachipangizo kodzutsira sensa, mwa ndondomeko yomwe bukulo lanena, huta ikulira pa lililonse. Ena, monga yanga, amafuna makina olumikiza pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Kuti mudziwe ngati zatheka, chitani zomwe ndimachita tsopano ndisanalipire: phwetsani tayala limodzi ndi 0.3 bar, yendani pang'ono, muone nambala yomwe yatsika. Ikatsika pa malo ena, galimoto idakali ndi mapu akale. Mukatero mubwezeretse mpweya.

Pa Polo ntchito yonseyi ndi ya mphindi zochepa, yopanda kulipira munthu. Mumapopa matayala onse anayi ali ozizira, kutanthauza kuti galimoto yaima maola atatu kapena m'mawa isanayende. Mumatsegula kiyi, galimoto itaima, n'kudina batani lolembedwa `SET` mpaka kulira, kapena kusankha `SET` pa sikirini pa zatsopano. Kenako mumangoyenda, yokha imaloweza kazunguliridwe ka magudumu paulendo. Muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukasinthanitsa, mukaika tayala latsopano, kapena mukasintha mpweya chifukwa cha katundu.

Msampha wake ndi umodzi, ndipo ndi woopsa. Batanilo silizimitsa nyale chabe, limauza galimoto kuti mmene matayala alili panopa ndi mmene ayenera kukhalira. Mlamu wanga atabwereka Polo kupita ku Tsangano, kanyale kanayaka, iye n'kudina `SET` osatsika n'komwe. Galimoto inabwera ndi tayala la 1.5 bar, dashibodi ili zii. Musadine batanilo geji isanakhudze mavalavu onse anayi. Dziwaninso kuti pa matope ndi pa miyala yoterereka magudumu amazungulira mosiyana, choncho nthawi zina kanyale kamayaka popanda chifukwa, kapena kuchedwa.

Chimodzi chokhudza onse awiri: musapope masana ku Tete matayala atatentha n'kuyesa kuti zatha. Mpweya umatsika pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 alionse, ndiye m'mawa wa Juni ku Angoniya mudzapeza ochepa. Komanso pa magalimoto ambiri, kanyale kakaphethira kwa mphindi imodzi kenako n'kuyakiratu, vuto lili m'chipangizo, osati mu mpweya.

Ndiye ndingasankhe iti? Ndikudziwa kuti masensa ndi amene amayeza bwino, ndipo tsiku lija sensa inanena zoona, galimoto ndi imene inaloza tayala lolakwika. Kwa amene amakhala mumzinda wa Tete, pafupi ndi galaja yokhala ndi makina, ndipo amasenza katundu wolemera, masensa ndi abwino. Koma ine matayala anga amakonzedwa pansi pa mtengo, ndi chitsulo ndi nyundo, kawiri kapena katatu nyengo ya mvula iliyonse. Galimoto yanga yotsatira ndikufuna ikhale ya njira ya ABS, geji yamanja ili m'kabokosi. Pikapuyi ikadalipo, ndimalemba mzere wa choko pa tayala moyang'anizana ndi valavu, ndipo ndimaima pomwepo mpaka chitsulo chitadutsa kutali ndi mzerewo.